Pitsa yanga ikumatuluka yaiwisi kunsi, ndikulakwitsa pati?

Nachisale (Nchalo): Mwaswera bwanji nonse. Ine ndili ndi vuto abale, kachitatu tsopano ndikuphika pitsa koma kunsi kukumatuluka koyera ngati nsima yosapsa bwinobwino, kofewa, ukainyamula ikungopindika zonse za pamwamba nkugwa. Pamwamba pokha ndiye tchizi mpaka kuuma. Uvuni ndi wamagetsi wa mbale zinayi uja. Tchizi ndachita kukagula ku Blantyre ndiye zikundiwawa kwambiri

Mjomba wa pa Dyeratu: Moto wachuluka achemwali. Tsitsani mufike pa madigiri 160 kapena 180 muisiye nthawi yaitali ipse pang'onopang'ono mpaka mkati. Keke timatero

Nachisale (Nchalo): Ndiye pa 180 pomwepo ndi pomwe ndikuphikira ine, mphindi 25 mwina 30

Mjomba wa pa Dyeratu: Aaa ndiye kaya, onjezani shuga mu fulawamo kuti ipse mofiira

Make Tadala (Bangula): Ine ndimangothira mafuta ambiri mu felempani nkumatembenuza, sizimavuta olo pang'ono

Nachisale (Nchalo): Make Tadala imeneyo si chapati? kkkk pitsa mungaitembenuze bwanji ili ndi tomato pamwamba

Make Tadala (Bangula): Kkkkk pepani ndinangowerenga mothamanga ndili pa msika

Ankolo Phiri (Ngabu): Mwaswera bwanji. Mayi Nachisale ndifunseko kaye ndisanayankhe. Thireyi yanuyo mumailowetsa mu uvuni ili yozizira pitsa ili kale pamwamba, kapena mumayamba mwaitenthetsa payokha? Chachiwiri, mumaiika shelefu iti? Chachitatu tomato wanu mumamukonza bwanji

Nachisale (Nchalo): Ndimapaka mafuta pa thireyi, kutambasula mtanda pomwepo, kuika zonse kenako kulowetsa ankolo. Shelefu yapakati. Tomato ndimangomugaya nkuthira, anyezi ndi tsabola wobiriwira ndi nyama ya mbuzi yoduladula

Ankolo Phiri (Ngabu): Basi vuto lapezeka. Uvuni wanu alibe mlandu. Ine ndinagwirako ntchito kukhitchini ya hotela ina mtauni zaka zingapo ndisanabwerere kuno kumudzi, ndipo chinthu choyamba chomwe anatiphunzitsa nchoti pitsa si keke. Keke ndi yokhuthala, imafuna moto wofatsa kuti kutentha kulowe mpaka pakati kunja kusanapserere, ndiye zomwe anena a Mjomba nzoona koma kwa keke. Pitsa ndi yopyapyala, ilibe pakati poti moto uchite kuyenda ulendo. Imafuna kudzidzimutsidwa. Mtanda ukangokhudza chitsulo chotentha kwambiri madzi a mkati amasanduka nthunzi nthawi yomweyo, timpweya tija yisiti anapanga timakula, m'mbali mumafufuma, kunsi kumauma nkupsa mofiirira zonsezi tomato asanayambe kulowerera mu mtanda. Tsono inu mukulowetsa thireyi yozizira, mphindi 10 zoyamba uvuni akulimbana ndi kutenthetsa thireyi, nthawi imeneyo madzi a tomato ndi a anyezi akutsikira pansi, mtanda ukungonyowa. Pomwe thireyi ikuti yatentha pamwamba pauma kale

Nachisale (Nchalo): Eee ndi zomwezo ndithu zikuchitikazo. Ndiye nditani

Ankolo Phiri (Ngabu): Potokolani kabatani ka moto mpaka kumapeto komwe kamathera. Mauvuni ambiri a m'nyumba amathera pa 250, ena 230, ena amapitirirako pang'ono. Komwe wanu akuthera nkomweko. Musaope, kumene kunachokera pitsa ku Naples ku Italy amaphikira mu uvuni wa nkhuni wopitirira madigiri 400 ndipo pitsa imapsa pa mphindi imodzi ndi theka yokha, ndiye 250 yathuyi ndi yochepa kale, tikungoyesa kuyandikira. Tengani thireyi yolemera kuposa zonse muli nazo, kawirikawiri ndi yakuda ija imabwera ndi uvuni, muivundikire chagada kunsi kukhale kumwamba kuti pasakhale mkombero wotchinga polowetsa pitsa. Muiike shelefu yachiwiri kuchokera kumwamba, mulowetse uvuni akadali wozizira kenako yatsani zitenthere limodzi. Isiyeni mphindi 30 ilibe kanthu

Mjomba wa pa Dyeratu: Mphindi 30 uvuni ali chabe?? Ankolo mayunitsi ake ndani. Ka nyali kaja kamazima pa mphindi 12 kapena 15 kusonyeza kuti watentha basi

Ankolo Phiri (Ngabu): Ka nyali kaja kamanena za mpweya wa mu uvuni a Mjomba, osati chitsulo. Mpweya umatentha msanga ndipo umathawanso msanga, mukangotsegula chitseko wotentha uja watuluka. Chomwe chimasunga moto ndi thireyi ndi makoma a uvuni, zimenezo zimachedwa. Nyali ikazima muwerenge mphindi zina 15. Za mayunitsi, uvuni wotere amakoka cha m'ma 2000 watsi, kutanthauza kuti akayaka ola lathunthu osapuma ndi mayunitsi awiri, koma sakoka nthawi yonse amadula yekha akafika pa moto wake. Ndiye kutenthetsa ndi kuphika mapitsa atatu mwina yuniti imodzi ndi theka kapena awiri. Mayi Nachisale pa 180 mphindi 30 pitsa imodzi, atatu ndi ola ndi theka, werengani nokha amene akuwononga ndani

Mjomba wa pa Dyeratu: Kkkk mwandigwira koma ine ndimaonabe ngati mphindi 20 nzokwana pa thireyi yopyapyala

Ankolo Phiri (Ngabu): Pa yopyapyala zoona 20 nzokwana, ilibe thupi loti isunge moto wambiri. Koma yopyapyalayo ili ndi vuto lake, imazizira pomwe mtanda waikhudza ndipo imapindika, mumva kuti phaa mu uvuni ngodya imodzi yadzuka. Ngati muli ndi zopyapyala ziwiri zofanana zisanjikizeni zikhale ngati imodzi

Anaphiri (Chikwawa boma): Ndalowa mochedwa koma ndikutsatira. Funso langa, thireyi yatentha choncho mtanda uli ndi zonse pamwamba uuika bwanji osapsa manja? Ine ndinayesapo kunyamula ndi manja inang'ambika pakati zonse zinathera pa chitseko cha uvuni, utsi nyumba yonse ana kuthawira panja

Ankolo Phiri (Ngabu): Pamenepo ndi pomwe pamagwa anthu ambiri amayi. Thireyi yotenthayo simuitulutsa, imakhala momwemo. Pitsa mumaikonzera pa chinthu china chafulati, thabwa lodulirapo louma bwino, kapena thireyi ina yozizira yovundikira, olo katoni yolimba yoyera. Muwazepo ufa wa mgaiwa kapena gramilu pang'ono, osati fulawa. Mgaiwa uli ndi timiyalamiyala timene timagubuduza mtanda, fulawa amamwa madzi nkumata komanso akapserera amawawa. Mukatambasula mtanda pa thabwapo ligwedezeni muone ngati ukutsetsereka. Ukatsetsereka ikani tomato ndi tchizi mwachangu, musadutse mphindi ziwiri, gwedezaninso. Mukaona kuti pena pamata tukulani m'mbali muwaze mgaiwa kunsi. Kenako tsegulani uvuni, lozetsani thabwa kumapeto kwa thireyi kumkati, lipendeketseni pang'ono, kagwedezeni kamodzi kuti nsonga ya pitsa ikhudze chitsulo, ikangogwira kokani thabwa chobwerera. Tsekani msanga

Anaphiri (Chikwawa boma): Zikumveka zophweka polemba kkkk

Ankolo Phiri (Ngabu): Yoyamba imapindika ndithu, musadandaule. Ngati mukuopa gwiritsani pepala lophikira lija amayalira keke, konzerani pitsa papepalapo nkulowetsa ndi pepala lomwe. Kungoti mapepala ambiri analembedwa kuti amapirira mpaka 220, ndiye lidulireni lingotsala pang'ono m'mbali mwa pitsa, ndipo pakatha mphindi 3 mtanda ukagwira tsegulani mulisolole. Lisayandikire waya wa moto wa pamwamba. Koma samalani pali pepala lina lopaka phula lokulungira zakudya, limafanana koma limenelo limasungunuka ndi kufuka

Nachisale (Nchalo): Nanga ipsa mphindi zingati pa moto umenewo

Ankolo Phiri (Ngabu): Pakati pa 7 ndi 10, zimatengera uvuni. Pa mphindi 6 suzumirani pagalasi. M'mbali mukhale mutafufuma muli timadontho tofiirira, tchizi ikuwira. Tukulani kunsi ndi mpeni muone, kukhale kofiirira ndi mawangamawanga, ukagogoda ndi chala kumveke kouma. Kunsi kukapsa pamwamba pakadali poyera yatsani waya wa pamwamba uja yekha mphindi imodzi kapena ziwiri koma muime pomwepo osapita kukayankha foni. Mauvuni ambiri amatentha kwambiri kumbuyo ndiye mukaona mbali imodzi yatsogola itembenuzeni kutsogolo kupite kumbuyo

Make Tadala (Bangula): Nanga ife a mbaula tilowe pati apa. Magetsi kwathu kuno amabwera ngati mlendo

Ankolo Phiri (Ngabu): Make Tadala mfundo ndi yomweyo, chitsulo chiyambe chatentha. Mmene mumaphikira chigumu, makala pansi makala pa chivundikiro. Tengani felempani yokhuthala itenthe pa mbaula, ikani mtanda, pakani tomato ndi tchizi uli momwemo, vundikirani ndi chivundikiro chachitsulo chomwe mwaikapo kale makala oyaka. Kusiyana kwake nkoti pa mbaula moto wapansi umaposa wapamwamba ndiye makala ambiri apite pamwamba, pansi mutsale ochepa, apo ayi kunsi kuda bii tchizi isanasungunuke

Make Tadala (Bangula): Imeneyo ndiye ndiitha. Ndiikapo mlamba wowamba ndione

Mjomba wa pa Dyeratu: Pitsa ya mlamba kkkkk anthu aku Bangula

Make Tadala (Bangula): Mudzabwera nokha kudzapempha

Nachisale (Nchalo): Ankolo ndinenenso za mtanda mwina nawo uli ndi vuto. Ndimathira fulawa theka la kilo, yisiti paketi yonse ya 10 g, madzi ofunda, nkuuika padzuwa maola atatu. Umafufuma mpaka kusefukira m'beseni koma potambasula umangong'ambika komanso umanunkha ngati masese

Ankolo Phiri (Ngabu): Padzuwa la ku Nchalo mwezi wa Okutobala uno?? Mayi inu mtandawo mukuupha kkkk. Malangizo a madzi ofunda ndi malo otentha aja analembera anthu a kumalo ozizira, mwina ku Dedza angawatsatire. Kuno ku chigwa masana kumadutsa 40, m'khitchini mokha yisiti akuthamanga kale. Fungo la masese lija ndiye kuti wafufuma mopitirira, yisiti wadya shuga yense wa mu fulawa, ndipo shugayo ndi amene amathandiza kuti mtanda upse mofiirira. Nchifukwa chake wanu ukutuluka woyera olo mutauchedwetsa bwanji. Ulimbo wa fulawa uja umapangitsa mtanda kutanuka nawo umafooka, ndiye kung'ambikako. Chitani chonchi. Fulawa 500 g, ngati mungapeze wa buledi ndi wabwino kuposa wa keke. Madzi ozizira a mu firiji kapena a mumtsuko 320 ml, ngati mulibe choyezera botolo lagalasi la zakumwa lija ndi 300 ml, onjezani supuni yaikulu imodzi ndi theka. Mchere 10 g, timasupuni ta tiyi tiwiri tosadzaza. Yisiti kasupuni ka tiyi kamodzi kosadzaza basi, paketi yonse ija ndi ya kilo yathunthu. Mafuta supuni yaikulu imodzi. Kandani mphindi 8 kapena 10 mpaka usalale, vundikirani pamthunzi m'nyumba. Ukangofika kawiri kukula kwake, kuno mwina ola limodzi lokha, gawani mipira inayi ya 200 g kapena kuposera pang'ono, muizungulize bwino, ipume mphindi 30 yovundikira. Mpira umodzi umatambasuka kufika 25 cm, ngati mbale yodyera

Mjomba wa pa Dyeratu: Mwaona ndinanena za shuga ine

Ankolo Phiri (Ngabu): Munalasa pafupi a Mjomba. Kasupuni kamodzi ka shuga kamathandizadi pa uvuni wofooka wothera pa 230. Koma mukachulutsa pa 250 kunsi kumada mkati musanapse, komanso kuno kotentha shuga amangomuthamangitsanso yisiti

Anaphiri (Chikwawa boma): Ine ndimakanda usiku nkuika mu firiji mpaka mawa lake, umakoma kwambiri kuposa wa tsiku lomwelo. Koma tsiku lina magetsi anathima usiku wonse ndinapeza wakankha chivundikiro wayenderera mpaka pa shelefu ya pansi

Ankolo Phiri (Ngabu): Ya mu firiji ndiye yabwino zedi amayi, yisiti theka la kasupuni ndi wokwana. Kungokumbuka kuutulutsa ukhale panja mphindi 30 mpaka 45 usanatambasulidwe, wozizira umakana, ukaukoka umabwerera ngati legeni

Nachisale (Nchalo): Chabwino ndiyesa Loweruka magetsi akakhalapo. Za tomato munafunsa zija simunamalize

Ankolo Phiri (Ngabu): Eya ndinaiwala. Tomato wathu wa pamsika ali ndi madzi ambiri. Mukamugaya muphikeni pa moto mpaka madzi aphwe atsale phala loti mukadutsitsa supuni njira ikhale yoonekera, azizire kaye. Masupuni akulu atatu pa pitsa imodzi, mtanda uzionekera pena ndi pena. Nyama ya mbuzi siingapse pa mphindi 8, iphikeni kale muidule mopyapyala. Anyezi ndi tsabola ochepa odula ngati pepala. Tchizi dzanja limodzi, 80 g mwina. Ndikudziwa mtima umafuna kudzaza kuti ana akhute koma pitsa yodzaza ndi imene imanyowa pakati

Wowotcherera (Bangula): Ine za kuphika sindidziwa, ndili pagulu pano chifukwa cha akazi anga, koma ndamva mukuti chitsulo chokhuthala. Kuli bwana wina anandidulitsa puleti ya 6 mm, 35 cm kwa 30 cm, ankati ya pitsa ine nkumadabwa. Inalemera pafupifupi makilo 5

Ankolo Phiri (Ngabu): Bwana ameneyo amadziwa. Puleti yotero imaposa thireyi iliyonse, imasunga moto wambiri ndipo imaupereka msanga ku mtanda, pitsa imatha kupsa pa mphindi 5 kapena 6. Kungoti imafuna mphindi 45 kuti itenthe, ndipo muyeze uvuni kaye patsale mpata wa zala ziwiri mbali zonse mpweya uziyenda. Chikhale chitsulo chakuda wamba chatsopano. Osati malata kapena chilichonse chonyezimira chokutidwa ndi zinki, osati chopenta, osati chodula ku mgolo woti simukudziwa munali chiyani. Poyamba muinyike mu viniga usiku wonse khungu lakuda lija lichoke, kwechani, tsukani, umitsani, pakani mafuta ochepa kwambiri nkuiwotcha mu uvuni ola limodzi. Mukatero siichita dzimbiri msanga

Wowotcherera (Bangula): Ndiye ndiyambe bizinesi eti kkkk. M'mbali ndimapala ndi galainda isacheke

Mjomba wa pa Dyeratu: Bwanji osangoika tayilosi yotsala pomanga nyumba, ine ndinaona anthu amagwiritsa mwala

Anaphiri (Chikwawa boma): Mlamu wanga amagwiritsa tayilosi chaka chachiwiri tsopano palibe chachitika

Ankolo Phiri (Ngabu): Mwala wa pitsa ulipodi wogula, unapangidwira moto. Tayilosi ya pansi yonyezimira ija ine sindingaikepo chakudya cha ana anga, utoto wa pamwambawo sanaupangire chakudya ndipo zina zimasweka ndi moto. Yadothi yosapaka kanthu ndi imene anthu amagwiritsa. Ndipo wina asakatole mwala ku Shire kapena ku Mwanza nkuulowetsa mu uvuni, mwala wokhala m'madzi umatha kuphulika ukatentha. Mbale yagalasi nayonso ayi. Thireyi zosamata zija zakuda zoterera musazisiye zopanda kanthu pa moto wothera, chokutira chake chimayamba kuwonongeka cha pa 260

Anaphiri (Chikwawa boma): Ya mlamu wangayo ndi yonyezimira ndithu koma amayalapo pepala. Ndimuuza koma sangamve ameneyo

Nachisale (Nchalo): Abale ndabwera ndi lipoti. Dzulo ndaphika atatu. Ndinakanda 9 koloko m'mawa ndi madzi a mu firiji, pofika 10 koloko ndi theka unali utafufuma kale. Thireyi chagada, moto 250, mphindi 30 ndinachita kutchera alamu. Yoyamba inamata pa thabwa chifukwa ndinachedwa ndikusakasaka mpeni wodulira tchizi, pokankha inapindika ngati chitenje theka linakwera pa linzake, tinadya choncho kkkk. Yachiwiri ndinakonzeratu zonse pambali, inatsetsereka bwinobwino, mphindi 8, eeeh abale m'mbali kufufuma kunsi kofiirira ukaluma kumveka khrrr. Bambo a kunyumba anafunsa ngati ndagula. Koma yachitatu yabwereranso kuyera kunsi ngakhale sinafike poipa ngati kale. Chachitika nchiyani poti zonse ndinachita chimodzimodzi

Ankolo Phiri (Ngabu): Mwachita bwino mayi. Yachitatuyo munailowetsa patapita nthawi yaitali bwanji chitulutsireni yachiwiri

Nachisale (Nchalo): Pompo, ndinatulutsa iyi nkulowetsa inayo

Ankolo Phiri (Ngabu): Ndi chimenecho. Pitsa iliyonse imamwa moto wa thireyi, komanso chitseko chinali chotsegula kawiri konse. Pakati pa yoyamba ndi yachiwiri munachedwa mukukonza zinthu ndiye thireyi inabwezeretsa moto osadziwa inu. Muzisiya mphindi 5 mpaka 8 chitseko chotseka, nthawi imeneyo ndi yomwe mukutambasula inayo. Mgaiwa wotsalira pa thireyi muziuchotsa ndi nsalu youma yopinda kapena chopalira, ukakhalitsa umapserera nkumawawitsa yotsatira. Nsalu yonyowa ayi, nthunzi yake imawotcha dzanja

Mjomba wa pa Dyeratu: Mwinanso magetsi anafooka, madzulo kuno mababu amachita kufiira uvuni safika pomwe walemba

Ankolo Phiri (Ngabu): Zimenezonso zimachitika a Mjomba, mphamvu ikatsika waya satentha mokwana ndipo nyali ija imatenga nthawi kuti izime kapena siizima nkomwe. Timauvuni ting'onoting'ono ta mbale ziwiri pamwamba tija tina timachepetsa moto wa mkati mukayatsanso mbale. Mayi Nachisale munali mukuphika china pamwamba?

Nachisale (Nchalo): Ayi unali masana ndipo mbale zonse zinali zozima. Ndikuganiza ndi zothamanga zanga zomwezo. Mpira wachinayi ndausunga mu firiji, ndingapange chiyani china poti tchizi watha

Ankolo Phiri (Ngabu): Pangani buledi wafulati wofufuma ngati chibaluni uja, amati pita. Mtanda ndi womwewo, thireyi yomweyo, moto womwewo. Mpira wa 200 g mugawe pawiri kapena patatu, muzungulize, upume mphindi 15. Apa ndiye gwiritsani chopsinjira kapena botolo, mupsinje mofanana paliponse kukhuthala kwake 4 kapena 5 mm, ngati makobiri awiri kapena atatu osanjikiza. Vundikirani ndi nsalu mphindi 10 usaume pamwamba. Ponyani pa thireyi yotenthayo, pa mphindi ziwiri kapena zitatu muona ukudzuka wokha nkukhala mpira. Chimachitika nchoti kunsi ndi pamwamba zimauma msanga nkutseka, nthunzi ya mkati imasowa potulukira ndiye imagawa mtanda pawiri. Ukafufuma mphindi ina imodzi tulutsani, musadikire kuti ufiire kwambiri uuma ngati bisiketi. Kulungani mu nsalu yoyera ufewe. Mukadula pakati muli thumba, mumaikamo nyemba, mazira, nyama, chilichonse

Anaphiri (Chikwawa boma): Ine ameneyu amandikana, pa asanu amafufuma awiri ena amangotupa mbali imodzi

Ankolo Phiri (Ngabu): Wotupa mbali imodzi ndiye kuti popsinja mbali ina inapyapyala kuposa inzake, kapena panapindika penapake pomwe mumanyamula, kapena chikhadabo chinaboola. Kabowo kamodzi nthunzi yonse imathawira pomwepo. Osafufuma onse ndiye thireyi sinatenthe. Muziika awiri okha nthawi imodzi

Anaphiri (Chikwawa boma): Uvuni wanga ndi wa gasi, moto umachokera pansi pokha ndiye kunsi kumada msanga. Pa pitsa ine ndimayamba ndaphika mtanda wokha ndi tomato mphindi 4 kenako ndikutulutsa kuika tchizi nkubwezera. Zimandiyendera

Ankolo Phiri (Ngabu): Pa gasi kwezani thireyi shelefu ya pamwamba penipeni, moto umakasonkhana kudenga. Zophika kawirizo ine sindizikonda, mukutsegula chitseko kawiri moto nkumathawa, ndipo tchizi sagwirana bwino ndi mtanda

Anaphiri (Chikwawa boma): Koma tchizi wachikasu uja tikumupeza kunoyu mukamuika kuyambira pachiyambi pa moto wothera amangosanduka mafuta okhaokha ankolo, tchizi wa mozarela mpaka ukwere mapiri a Thabwa kukamupeza mtauni ndiye ubwere naye mu kula bokosi. Ine ndipitiriza yangayi

Ankolo Phiri (Ngabu): Pa tchizi wachikasuyo ndiye sindikutsutsani, amalekanadi ndi mafuta msanga. Enanso amamuika mufiriji ya ayisi mphindi 15 atamupala kale kuti achedwe kusungunuka. Yesani zonse ziwiri tsiku limodzi mudzatiuze

Make Tadala (Bangula): Ya mlamba ija ndapanga. Kunsi kwada pang'ono makala ndinachulutsa koma yatha yonse, minga yokha ndi imene inavuta ndinaiwala kuchotsa bwino

Wowotcherera (Bangula): Mayi Nachisale yezani mkati mwa uvuni wanu m'lifupi ndi kuya kwake munditumizire kumbali, puleti ya 6 mm yatsala chidutswa chimodzi, ndikhoza kupatsira minibasi ya mawa m'mawa

Nachisale (Nchalo): Dikirani ndipeze tepi, shelefu yakeyo ipirira makilo 5 koma?

Ankolo Phiri (Ngabu): Ipirira, nkhuku ziwiri ndi mbatata mu thireyi zimafika pomwepo. Ingoiikani pakati pa shelefu ndipo musamaikoke panja ili yotentha